Kukonza kalata yothokoza amene akukulipirirani sukulu kuti isamveke yoshashalika

Temu ikatha, wophunzira amene amalipiriridwa sukulu ndi munthu wakufuna kwabwino, mpingo kapena bungwe amayenera kulemba kalata yothokoza. Ambiri amakhala pansi ndi mtima wothokoza zenizeni, koma chotuluka papepala chimakhala tsamba lodzaza ndi angelo, misozi ndi kugwada. Wolandira akawerenga amachita manyazi, mwinanso kuyamba kuganiza kuti mwanayu akumunyengerera pofuna china. Choipitsitsa n'chakuti amafika kumapeto osadziwa ngati ndalama zinafika, zinagwira ntchito yanji, ndiponso ngati mwanayo akukhoza m'kalasi.

Kusiyana kwake kuli apa: mawu oshashalika amakamba za mmene munthuyo alili, pamene mawu othokoza amakamba za chimene wachita ndi chimene chasintha chifukwa cha zimenezo. Malangizo ali m'munsiwa ndi a munthu amene walemba kale kalata yake ndipo akufuna kuikonza isanapite.

## Zofunika kukhala nazo

- Kalata imene mwalemba koyamba, osaitaya ngakhale ikukuchititsani manyazi
- Cholembera cha mtundu wina, monga chofiira, chochongera
- Lisiti ya kusukulu kapena uthenga wa pafoni wosonyeza ndalama zimene zinalowa ndi tsiku lake
- Lipoti la mayeso a temu yathayi, ndi la temu ya m'mbuyo mwake ngati lilipo
- Dzina la wokuthandizaniyo lolembedwa molondola, pamodzi ndi udindo wake ngati ndi m'busa, shehe, dokotala kapena mfumu
- Mapepala awiri oyera ndi envulopu
- Munthu mmodzi wamkulu woti amve kalatayo musanatumize

## Kalata imene tikonze

Tiyerekeze kuti wolemba ndi mtsikana wa Fomu 3 pasukulu yogonera komweko. Bambo wina wa mumpingo wa kwawo, yemwe si wachibale, anamulipirira K150,000 ya malo ogona ndi chakudya pa temu yachiwiri, n'kumugulira yunifomu ndi kakyuleta. Iye analemba chonchi:

*Wokondedwa wanga Bambo,*

*Ndatenga cholembera changa misozi ili mbwembwembwe, ndipo ndikusowa mawu okuthokozerani. Inu ndinu mngelo wochokera kumwamba. Padziko lonse lapansi palibe munthu wamtima wabwino ngati inu. Ine wachabechabe, mwana wa amphawi, ndine yani kuti mundikumbukire? Abale anga onse ananditaya, inu nokha ndinu mayi ndi bambo wanga. Popanda inu bwenzi nditafa. Ndikulonjeza kuti ndidzakhoza ndi mapointi 6 ndipo ndidzachita chilichonse chimene mungafune. Anzanga onse ali ndi mafoni koma ine ndilibe, komabe sindidandaula. Musatope, ndi mawa lomwe. Mulungu akudalitseni, akudalitseni, akudalitseninso.*

Mtsikanayu sakunama kuti akuthokoza. Koma m'kalata yonseyi mulibe ndalama, mulibe temu, mulibe phunziro ngakhale limodzi.

## Ndondomeko yake

### 1. Lembani kaye mfundo zenizeni papepala lina

Musanakhudze kalata ija, tengani lisiti ndi malipoti, muyankhe mafunso anayi mwachidule. Ndinalandira chiyani? Chinafika liti? Chinagwira ntchito yanji? N'chiyani chimene ndikutha kuchita tsopano chimene sindinkatha kale?

Mtsikana wathu ayankha kuti analandira K150,000, yunifomu ndi kakyuleta. Ndalama zinalipiridwa mu Januwale sukulu itangotsekulira. Anakhala temu yonse osabwezedwa kunyumba, pamene temu yoyamba anajomba milungu itatu podikira ndalama. Masamu achoka pa 7 kufika pa 5.

Funso lachinayi ndi limene limavuta, ndipo ndi limene lili ndi mtima wa kalata yonse. Musayankhe kuti "tsogolo langa lawala". Funani chinthu chooneka ndi maso: milungu imene simunajombe, sitade yamadzulo imene mukupezekako, kakyuleta imene simukubwerekanso pakati pa phunziro.

Chenjezo: musalembe chiwerengero cha ndalama kuchokera m'mutu. Mukalemba chochepa, wopereka adzaganiza kuti zina zinasowa panjira, ndipo amene anapereka ndalamazo kusukulu adzakayikiridwa popanda chifukwa.

### 2. Chongani chiganizo chilichonse choyamba ndi "inu ndinu"

Tsopano tengani cholembera chofiira. Dulani mzere pansi pa mawu onse ofotokoza khalidwe la wokuthandizaniyo: mngelo, mpulumutsi, wamtima wa golide, Mulungu wachiwiri. Chonganinso mawu okokomeza awa paliponse pamene ali: palibe wina, padziko lonse, nokha, mpaka muyaya, chilichonse.

Pa chiganizo chilichonse chochongedwa dzifunseni mafunso awiri. Loyamba: kodi ndingasonyeze umboni wa zimenezi? Simungasonyeze kuti padziko palibe wina wamtima wabwino chotero, koma mungasonyeze kuti analipira sukulu itangotsekulira. Lachiwiri: kodi chiganizochi chingapite kwa munthu wina aliyense popanda kusintha liwu? Ngati chingapite, si cha iyeyo, ndipo akawerenga adzazindikira zimenezo. Mabungwe amene amathandiza ana ambiri amalandira makalata ochuluka pa nthawi imodzi, ndipo mngelo akapezeka m'kalata iliyonse mawuwo amasanduka phokoso chabe.

### 3. Sinthani dzina lomutama kukhala ntchito imene anachita

Apa ndiye pagona luso lonse, choncho musafulumirepo. Chiganizo chochongedwa musangochifufuta. Dzifunseni kuti chinakuchititsani kulemba zimenezo n'chiyani, chifukwa kumbuyo kwa mawu okokomeza kawirikawiri kumakhala chinthu chenicheni chimene mwachiphimba.

Tengani "Inu ndinu mngelo wochokera kumwamba." Mtsikanayu analemba izi chifukwa thandizo linabwera pamene mayi ake anali atataya mtima. Alembe chomwecho: "Thandizo lanu linafika mlungu umene amayi ankaganiza zoti ndiyambe ndakhala kaye pakhomo."

Tengani "Palibe munthu wamtima wabwino ngati inu." Chimene chinamukhudza n'chakuti bamboyo si wachibale. Ndiye alembe kuti: "Ndikudziwa kuti muli ndi ana anu ofunanso fizi, ndipo panalibe chokukakamizani kundithandiza." Chiganizochi chikuyamikirabe mtima wa munthuyo, koma chikumusiya aone yekha ubwino wake m'malo momuuza.

Tengani "Popanda inu bwenzi nditafa." Zoona zake n'zakuti akanajombanso kapena kusiya sukulu. Alembe kuti: "Temu yoyamba ndinajomba milungu itatu podikira ndalama. Temu ino sindinajombe tsiku ngakhale limodzi."

Taonani kuti ziganizo zatsopanozi zili ndi mphamvu kuposa zakale, ngakhale mawu ake ndi ofatsa. Munthu akamva za milungu itatu amaona chithunzi cha mwana atakhala pakhonde anzake ali m'kalasi, ndipo amadziwa kuti ndalama zake zachotsa chiyani.

Mukhoza kusunga liwu limodzi loyamikira khalidwe, monga "kukoma mtima kwanu", bola likhale pafupi ndi ntchito imene likunena, ndipo lioneke kamodzi kokha.

Chenjezo: pochotsa zoshashalika musachotsenso ulemu. "Inu", "Bambo", "Mayi", "a" kutsogolo kwa dzina, moni woyamba ndi kufunsa za moyo wa apabanja, zonsezi si kunyengerera ayi, ndi mwambo. Kalata yopanda zimenezi imamveka ngati lisiti.

### 4. Chotsani kudzinyoza ndi kunyoza abale

Kushashalika kuli ndi mbali yachiwiri imene ambiri saiona: kudzitsitsa kuti winayo aoneke wamkulu. "Ine wachabechabe" ndi "ndine yani" amamveka ngati kudzichepetsa, koma amauza woperekayo kuti waika ndalama zake pa munthu wosayenera. Iye anakusankhani chifukwa anaona kanthu mwa inu, ndiye musamutsutse.

Choopsa kwambiri ndi chiganizo chija chakuti "abale anga onse ananditaya, inu nokha ndinu mayi ndi bambo wanga". Kalata imayenda. Ikhoza kuwerengedwa kumpingo, kusungidwa m'faelo ya bungwe, kapena kuonetsedwa kwa mnzake amene amadziwana ndi amalume anu. Mayi amene anagulitsa nkhuku kuti mupeze thiransipoti akamva kuti munalemba zoti mulibe kholo, chilondacho sichipola msanga. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, ndipo mlomo wolembedwa ndi inki umatsata kutali.

M'malo mwake ikani makolo anu mbali yanu: "Amayi akupereka moni ndipo nawonso akuthokoza." Ngati banja lanu likuchitapo kanthu, nenani: "Iwo akukwanitsa sopo ndi thiransipoti." Wopereka amalimba mtima akadziwa kuti sakusenza yekha.

### 5. Tulutsani pempho lobisika

Werenganinso chiganizo cha mafoni chija. Chikuti "sindidandaula", koma aliyense akumva kuti akupempha foni. Chiganizo chimodzi chotere chimaipitsa zonse zimene zili pamwamba pake, chifukwa wowerenga amabwerera n'kuona matamando onse aja ngati nyambo.

Mawu akuti "musatope" ndi "ndi mawa lomwe" ndi ovutirapo pang'ono. Pakamwa, pamene mwalandira kanthu ndi manja awiri, ndi mawu aulemu ndipo palibe amene amawaona molakwika. Papepala, pamene palibe nkhope yowafewetsa, amatha kumveka ngati chikumbutso chakuti temu yamawa ikubwera, makamaka kwa munthu amene sanalonjeze kupitiriza. Ngati wolandira ndi wamkulu wakumudzi amene angadabwe mawuwa atasowa, asungeni. Kwa bungwe kapena munthu amene simudziwana naye bwino, achotseni.

Miyambi inanso imabweretsa vuto lomweli. "Kupatsa n'kuika" ndi mawu oyenera kuchokera kwa wopereka kapena kwa munthu wapadera. Wolandira thandizo akawanena amamveka ngati akulonjeza kubweza. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe" ndi wokoma, koma aliyense amadziwa kuti umathera pa "ukachenjera manja udya naye", ndipo simukufuna kunena kuti bamboyo akukuthandizani pofuna kudzadya nanu.

Ngati pali chosowa chenicheni, monga tsiku lomaliza kulipira temu yachitatu, lembani uthenga wina patapita masiku, kapena pemphani kholo kapena mphunzitsi wamkulu anene. Pokhapokha ngati wokuthandizaniyo anachita kukuuzani kuti muzimudziwitsa za temu yotsatira m'kalata yomweyo, pamenepo lembani poyera m'ndime yakeyake: "Monga munandiuza kuti ndizikudziwitsani, temu yachitatu idzayamba pa tsiku lakuti." Pempho loonekera silichititsa manyazi ngati lobisika.

### 6. Nenani zotsatira zonse, zabwino ndi zoipa

Pa magiredi a MSCE, 1 ndi 2 ndiwo apamwamba kwambiri, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwakhoza bwino, choncho mapointi 6 amatanthauza 1 pa phunziro lililonse mwa amenewo. Mwana amene masamu ake ali pa 5 akalonjeza mapointi 6, munthu wodziwa za sukulu amaona kuti ndi mawu ongomusangalatsa. Kumeneko n'kushashalika kwa mtundu wina.

Tchulani phunziro limodzi kapena awiri amene akwera, ndi limodzi limene likuvuta, pamodzi ndi chimene mukuchita nalo. "Fizikisi ikundivutabe, ndapeza 8. Ndayamba kuwerenga ndi anzanga awiri Loweruka lililonse m'mawa." Ophunzira amaopa kuti akaulula giredi yoipa thandizo litha. Koma chiganizo chimenechi ndi chimene chimachititsa kuti zina zonse zikhulupirike, ndipo lipoti likadzafika m'njira ina, wopereka sadzamva ngati munamubisira.

Lonjezani chimene chili m'manja mwanu, monga kusajomba, kuwerenga, ndi kutumiza lipoti temu iliyonse. Giredi ya mayeso a chaka chamawa simungailonjeze.

### 7. Konzani malonje ndi mathero

"Wokondedwa wanga" si malonje oyenera kwa munthu wamkulu amene si wachibale, ndipo "ndidzachita chilichonse chimene mungafune" achotsedwe m'kalata iliyonse ya mtundu uwu. Izi tikunena motsindika kwa atsikana amene akulipiriridwa ndi bambo, ngakhale zikukhudzanso anyamata. Mawuwa akhoza kumvedwa molakwika ndi mkazi wa bamboyo, ndipo akagwera m'manja mwa munthu wa maganizo oipa amasanduka ngongole imene adzafune kuti ibwezedwe. Thandizo la sukulu silibwezedwa ndi thupi kapena ndi chinsinsi. Ngati bamboyo ali pabanja, lemberani onse awiri kuti "Okondedwa Bambo ndi Mayi", popeza ndalamazo zachoka m'thumba la banja lonse, ndipo kalatayo idzere kwa kholo lanu kapena mphunzitsi wamkulu.

Dalitso la kumapeto lisungeni ngati likuchokera mumtima, koma kamodzi. Tsirizani ndi "Ine mwana wanu" kapena "Ine wanu", kenako dzina ndi kalasi.

### 8. Werengani mokweza, kenako kopererani

Werengerani munthu wamkulu uja mokweza, mukuyerekeza kuti wokuthandizaniyo wakhala pampando patsogolo panu ndipo amayi anu ali pambali. Chiganizo chimene simungathe kuchinena mukumuyang'ana, kapena chimene chingagwetse nkhope ya amayi, chichoke. Werenganinso kuti "zikomo" ndi "ndikuthokoza" alipo kangati. Kawiri n'kokwanira, koyamba ndi komaliza.

Kopererani papepala loyera, keyala ndi tsiku pamwamba. Isapitirire tsamba limodzi. Ikani kope la lipoti ndi la lisiti mu envulopu yomweyo, zenizenizo musunge.

## Kalata ija itakonzedwa

*Okondedwa Bambo ndi Mayi,*

*Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumba. Ine ndili bwino, ndipo ndafika kumudzi kudzapuma.*

*Ndalemba kuti ndikuthokozeni chifukwa cha K150,000 imene munandilipirira ya malo ogona ndi chakudya pa temu yachiwiri, komanso yunifomu ndi kakyuleta. Ndalamazo zinalowa mu Januwale, ndipo kope la lisiti ndaika m'kalata muno. Thandizo lanu linafika mlungu umene amayi ankaganiza zoti ndiyambe ndakhala kaye pakhomo. Ndikudziwa kuti muli ndi ana anu ofunanso fizi, ndipo panalibe chokukakamizani kundithandiza.*

*Temu yoyamba ndinajomba milungu itatu podikira ndalama. Temu ino sindinajombe tsiku ngakhale limodzi. Masamu achoka pa 7 kufika pa 5, ndipo kakyuleta ija yandithandiza chifukwa tsopano ndimatha kuyeserera ndekha madzulo osadikira kuti mnzanga amalize. Bayoloje ndapeza 3. Fizikisi ikundivutabe, ndapeza 8, choncho ndayamba kuwerenga ndi anzanga awiri Loweruka lililonse m'mawa. Ndidzakutumizirani lipoti la temu yachitatu kuti muone ngati zasintha.*

*Amayi akupereka moni ndipo nawonso ayamikira kukoma mtima kwanu. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.*

*Ine mwana wanu,*
*(dzina ndi kalasi)*

## Ngati wolandira ndi wina

Kwa amalume kapena azakhali, musalembe ngati kwa mlendo. Yambani ndi "Okondedwa Amalume", onjezani nkhani imodzi ya kumudzi, ndipo chiganizo chakuti panalibe chowakakamiza chichoke, chifukwa kwa iwo chingamveke ngati mukuwatulutsa m'banja.

Kwa bungwe, tsatirani kalembedwe ka kalata yantchito: makeyala awiri, mutu wa kalata, ndi nambala yanu ngati anakupatsani. Funsani kaye malamulo awo, popeza ena salola kuti muike nambala ya foni kapena mulembere wopereka mwachindunji. Ngati kalatayo ipita kwa munthu wakunja ndipo wina aitanthauzira m'Chingerezi, siyani miyambi, ndipo fotokozani kuti pa magiredi athu nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Popanda zimenezo, adzawerenga kuti masamu achoka pa 7 kufika pa 5 n'kuganiza kuti mwatsika.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwabwerezedwa

Kuchedwa, kenako n'kubisa kuchedwako ndi matamando. Lembani pasanathe milungu iwiri chilandirireni thandizo kapena lipoti. Ngati mwachedwa, pepesani m'chiganizo chimodzi n'kupitiriza, osalemba ndime yonse ya zifukwa.

Kukopera kalata ya mnzanu. Ana a sukulu imodzi kawirikawiri amathandizidwa ndi bungwe limodzi, ndipo makalata awo amawerengedwa ndi munthu mmodzi tsiku limodzi.

Kutumiza kalata yomweyo temu iliyonse. Anthu amasunga makalata. Iliyonse ikhale ndi kanthu katsopano, ndipo ngati munanena kuti fizikisi ikuvuta, yotsatirayo inene pamene yafika.

Kuuma mopitirira. Ena akamva zoti asashashalike amalemba mizere itatu ya ziwerengero zokhazokha. Ikanipo chiganizo chimodzi chonena mmene munamvera, chikhale chachindunji: "Nditamva kuti mwalipira, usiku umenewo ndinagona tulo."

Kutumiza uthenga wa pafoni wa mawu odulidwa. Ngati njira ndi foni yokha, lembani mawu athunthu monga papepala, kapena jambulani kalata yolemba pamanja pamalo owala kuti iwerengeke.

Kulakwitsa dzina kapena udindo. Kulemba "Bambo" kwa munthu amene aliyense amamutchula "Abusa", kapena kusokoneza kalembedwe ka dzina la bungwe, kumaoneka pamzere woyamba penipeni. Onani dzinalo pa lisiti kapena pa kalata imene anakulemberani, ndipo ngati palibe, funsani kuofesi ya mphunzitsi wamkulu musanamate envulopu.